Pamene Foni Imafera: Kuthandiza Wogulitsa Amene Malonda Akumukanika

M'makampani amene amagulitsa katundu kudzera pa foni, monga a inshuwalansi ya maliro, a ngongole zing'onozing'ono kapena a magetsi a sola olipira pang'onopang'ono, mwezi ukatha pamatuluka pepala la mayina. Pamwamba pamakhala amene agulitsa kwambiri, pansi amene tageti yawakanika. Dzina likakhala pansi miyezi iwiri kapena itatu yotsatizana, mwini wake amaitanidwa mu ofesi, ndipo zimene amakauzidwa kumeneko n'zodziwikiratu: "Achemwali, limbikirani. Nanga anzanu akukwanitsa bwanji?" Iye amayankha kuti, "Ndamva bwana, ndiyesetsa," n'kubwerera pampando wake kukachita zomwe zija wakhala akuchita, kungoti tsopano akuzichita ndi mantha.

Pepala lija limanena kuti munthu wagulitsa zingati, koma silinena chifukwa chake. Ogulitsa awiri akhoza kupezeka pansi limodzi, wina chifukwa makasitomala amamudulira foni asanamalize n'komwe kudzitchula dzina, wina chifukwa amacheza nawo bwinobwino kwa mphindi zisanu koma pofika potchula za dipoziti manyazi amamugwira. Awiriwa akudwala matenda osiyana, ndipo mawu akuti "limbikirani" sachiza aliyense wa iwo. Chimene chingaonetse kusiyanako chilipo kale m'makampani ambiri otere: mafoni amene ogulitsa amaimba amajambulidwa n'kusungidwa. Kawirikawiri mawu ojambulidwawo amakumbukiridwa pokhapokha kasitomala akadandaula kuti ananamizidwa. Komatu m'menemo ndi momwe muli malo enieni amene foni ya wogulitsa wofooka imafera, ndipo nthawi zambiri amakhala malo amodzi kapena awiri, osati paliponse.

Manambala kaye, makutu pambuyo

Tiyerekeze ndi mtsikana wina amene wagwira ntchito miyezi inayi pa kampani yogulitsa sola mu mzinda wa Lilongwe. Ntchito yake ndi kuimbira anthu akumudzi ndi m'matauni ang'onoang'ono amene anasiya manambala awo pa zionetsero za pamsika. Sola yake ndi ya mababu atatu ndi potchajira foni. Tinene kuti dipoziti ndi K30,000, kenako K12,000 pamwezi yolipira pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba. Mitengo ndi manambala onsewa n'zongoyerekezera kuti nkhani imveke. Anzake amagulitsa masola asanu ndi atatu pa sabata, iye atatu.

Woyang'anira wake asanavale mahedifoni, ayenera kuona kaye manambala ochepa amene kompyuta imasunga yokha. Mtsikanayu amaimba mafoni angati patsiku? Amayankhidwa angati? Mwa oyankhidwawo, ndi angati amapitirira mphindi imodzi? Ndipo ndi angati amathera pa dipoziti? Zikapezeka kuti amaimba mafoni 25 pamene anzake amaimba 60, palibe chifukwa chomvetsera kalikonse, chifukwa vuto lili pa kagwiritsidwe ntchito ka nthawi, mwinanso pa mantha oimba. Zikapezeka kuti amaimba 60 koma oyankha ndi ochepa kwambiri, funso lipite kwa amene amagawa manambala. Si zachilendo kuti wobwera kumene apatsidwe mndandanda wakalekale umene anzake anauimba kale kawiri, kapena wa dera limene netiweki imavuta, kenako n'kumamuyerekeza ndi anthu amene amalandira manambala atsopano. Kuphunzitsa munthu wotere kalankhulidwe n'kumulakwira.

Kwa mtsikana wathuyu, tinene kuti manambala akuonetsa izi: amaimba mofanana ndi anzake, amayankhidwanso mofanana, pafupifupi anthu 120 pa sabata, ndipo mafoni ake ndi aatali kuposa a anzake. Anthu sakumudulira. Choncho si waulesi, ndipo moni wake ulibe vuto. Chinachake chikuchitika pakati pa foniyo, ndipo apa ndiye makutu ayambe ntchito.

Kusankha mafoni oti mumvetsere

Kasankhidwe ka mafoni kakhoza kuwononga zonse ntchito isanayambe. Woyang'anira akasankha yekha mafoni oipitsitsa, wogulitsa amadziwa kuti akumuunjikira milandu, ndipo amakhala ndi yankho lomveka: "Tsiku limenelo ndinkadwala mutu," kapena "Bambo amenewo anali ataledzera." Wogulitsa akasankha yekha, amabweretsa foni imodzi ija imene kasitomala anali atakonza kale ndalama. Njira yabwino ndi kugwirizana lamulo losakondera, mwachitsanzo foni yachitatu yoyankhidwa ya tsiku lililonse, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Pa mafoni asanuwo muwonjezepo imodzi imene anagulitsa. Imeneyi ndi yofunika kwambiri, chifukwa imaonetsa zimene iye mwini amachita zinthu zikamuyendera, ndipo munthu savutika kutengera chitsanzo cha mawu ake omwe monga amavutikira kutengera cha mnzake amene amapikisana naye komishoni.

Mafoni asanu ndi limodzi a mphindi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi ndi theka la ola kungowamvetsera, ola lathunthu mukamaimitsa ndi kubwereza. Woyang'anira amvetsere yekha kaye, ali ndi pepala, ndipo alembe zinthu zowerengeka m'malo mwa maganizo ake. "Alibe chidaliro" si chinthu chowerengeka, ndipo wogulitsa sangachite nacho kanthu. Zowerengeka ndi izi: wafunsa mafunso angati asanatchule mtengo, walankhula nthawi yaitali bwanji osapumira, kasitomala atakana koyamba wayankha mawu anji enieni, ndipo foni yatha ndi pangano lanji. Pambali pa chilichonse alembe mphindi ndi sekondi pamene chachitikira, kuti pokambirana asamasakesake.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Foni yoyamba imakuchititsani kuganiza kuti mwapeza kale vuto, yachiwiri n'kukutsutsani. Chimene mukufuna ndi chinthu chobwerezabwereza, chopezeka m'mafoni anayi mwa asanu aja.

Kwa mtsikanayu, chobwerezabwereza chikumveka chonchi. Akapereka moni, amayamba kufotokoza sola: mababu atatu, batire lokhalitsa, potchajira foni, chitsimikizo cha kampani, akatswiri odzamangirira. Amalankhula mphindi ziwiri zathunthu, kasitomala akungoti "eee," "chabwino." Kenako kasitomala amafunsa funso limene aliyense amafunsa: "Ndiye ndi zingati?" Iye amatchula mtengo, ndipo kasitomala asanapume n'komwe, amawonjezera yekha kuti, "Ndikudziwa kuti zinthu zadula masiku ano, koma mwina mutha kuyesetsa." Kasitomala amati, "Ndiganize kaye, ndidzakuimbirani." Iye amati, "Chabwino bambo, zikomo kwambiri," foni n'kutha. Pa foni imene anagulitsa ija pali kusiyana kumodzi: mayi amene anamuimbirayo anamudula mawu poyambirira n'kuyamba kudandaula za ndalama zimene amawononga pa mabatire a tochi kuti ana awerenge usiku. Mtsikanayo anamvetsera, n'kuyankha pa dandaulolo. Sanachite kukonzekera, zinangomugwera.

Woyang'anira wapeza zolakwika zitatu: safunsa, amapepesa mtengo, ndipo amalola foni kutha popanda pangano. Chiyeso chachikulu apa ndi kumuuza zonse zitatu Lolemba m'mawa. Munthu amene ali pa foni ndi mlendo, akuwerenga pa kompyuta uku akumvetsera netiweki yodukaduka, sangasunge malangizo atatu atsopano m'mutu. Sankhani chimodzi, ndipo chikhale chimene chimayambirira kuchitika pa foni, chifukwa zinazo nthawi zambiri zimabadwa kuchokera pamenepo. Mtsikanayu amapepesa mtengo chifukwa sadziwa ngati kasitomala akuifuna sola kapena ayi, ndipo sadziwa chifukwa sanafunse.

Theka la ola, chitseko chotseka

Kukambirana kwenikweni kuchitike malo oduka mphepo, anthu awiri okha, mahedifoni kapena sipika yotsitsa. Pali oyang'anira ena amene amaika foni ya munthu pa sipika pamsonkhano wa m'mawa kuti "onse aphunzirepo." Chimene onse amaphunzira ndi chakuti kujambulidwa n'koopsa. Ngakhale popanda anthu ena, kumva mawu ako ojambulidwa kumachititsa manyazi. Amamveka achilendo, ndipo "eee" aliyense amene unanena umamumva kawiri. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba ndi foni imene anagulitsa ija.

Mu 1996, akatswiri awiri, Avraham Kluger ndi Angelo DeNisi, anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa zaka zambiri wokhudza zimene zimachitika munthu akauzidwa mmene wagwirira ntchito. Anapeza kuti kawirikawiri zimathandiza, koma pa kafukufuku woposa gawo limodzi mwa magawo atatu, anthu anayamba kugwira ntchito moipirapo atauzidwa. Iwo anafotokoza kuti uphungu umataya mphamvu ukamakokera maganizo a munthu kwa iye mwini, kuti kodi ndine wotani, m'malo mowakokera pa ntchitoyo. "Ndinu wamanyazi" amatumiza munthu kukadzifufuza mumtima. "Pa mphindi yachiwiri, bambowa atafunsa mtengo, munali musanawafunse kalikonse" amamutumiza ku foni.

Kwathu kuno pali vuto lina lowonjezera. Wantchito wamng'ono amavomera chilichonse chimene bwana wanena, ndipo "ndamva bwana" sakutanthauza kuti wamva. Njira yozembera zimenezi ndi yakuti iye ayambe kulankhula. Woyang'anira amaika foni, n'kuimitsa pamene kasitomala wafunsa mtengo, n'kufunsa:

"Achemwali, pofika apa, mukudziwa chiyani za bambowa?"

"Ndikudziwa kuti ali ku Mitundu, bwana."

"China?"

Mtsikanayo amakhala chete pang'ono. "Basi."

"Usiku amaunikira chiyani?"

"Sananene."

"Nanga mayi aja munawagulitsa Lachitatu, pofika pa mtengo munkadziwa chiyani za iwo?"

"Aja ananena za mabatire, ndi zoti ana awo awiri ali Sitandade 8."

"Ndiye mukuona kusiyana kwake kuli pati?"

Yankho likatuluka pakamwa pake, ndi lake. Akachita kuuzidwa, ndi la bwana, ndipo adzalitsatira masiku awiri okha. Woyang'anira amene amatsutsa wogulitsa chifukwa cholankhula kwambiri pa foni, iye n'kulankhula yekha theka lonse la ola, akuphunzitsa khalidwe lomwelo limene akufuna kulithetsa.

Mphindi khumi zomaliza zikhale zoyeserera. Woyang'anira akhale kasitomala, makamaka wovuta pang'ono, ndipo mtsikanayo anene mafunso ake mokweza katatu kapena kanayi. Ambiri amadumpha gawo ili chifukwa limaoneka ngati sewero la ana, koma mawu amene munthu sanawatulutsepo pakamwa sabwera kasitomala weniweni akayankha foni.

Cholinga chimene chimamveka pa tepi

Tsopano cholinga cha sabata. Chizolowezi ndi kunena kuti, "Sabata ino mugulitse asanu." Chikuoneka chaching'ono, koma chili ndi vuto lomwe lija la pepala la mayina: chikunena kofika osanena njira, ndipo sichili m'manja mwa wogulitsa yekha. Kaya munthu alipira dipoziti sabata ino zimadaliranso ngati wagulitsa soya, ngati kwagwa maliro, ngati fizi yafunika.

Edwin Locke ndi Gary Latham, amene buku lawo la 1990 ndi lodziwika kwambiri pa nkhani ya zolinga pa ntchito, anaonetsa kuti cholinga cholunjika komanso chovutirapo chimabala zipatso kuposa kungouza munthu kuti achite zimene angathe. Koma kafukufuku wa Latham ndi anzake anaonetsanso malire ake: munthu akakhala kuti ntchitoyo sanaidziwe bwino, kumuikira nambala ya zotsatira kukhoza kumusokoneza, chifukwa maganizo ake amathamangira nambalayo m'malo mophunzira njira. Wotereyu amathandizidwa ndi cholinga cha kuphunzira kachitidwe kenakake. Wogulitsa wofooka ali m'gulu limeneli.

Choncho cholinga cha sabata yoyamba chilembedwe motere: pa foni iliyonse yoyankhidwa, afunse mafunso awiri asanatchule chilichonse cha sola. Loyamba, "Kodi usiku mumaunikira chiyani pakhomopo?" Lachiwiri, lokhudza ndalama zimene kuunikirako ndi kutchajitsa foni kumadya pa sabata. Lachisanu adzamvetsera mphindi ziwiri zoyambirira za mafoni khumi osankhidwa mwa lamulo lija, ndipo akufuna kumva mafunso onse awiri m'mafoni asanu ndi awiri. Osati khumi onse, chifukwa pali makasitomala ena amene salola n'komwe kufunsidwa. Cholinga chotere chili m'manja mwake, akhoza kuchiyamba pa foni yotsatira, ndipo Lachisanu sipadzakhala mkangano, poti funso linafunsidwa kapena silinafunsidwe.

Kuika mafunso patsogolo si nzeru yatsopano. Neil Rackham ndi gulu lake anafufuza zokambirana za malonda pafupifupi 35,000, ndipo m'buku lake la 1988 lotchedwa SPIN Selling anafotokoza kuti ogulitsa opambana amafunsa kwambiri za mavuto a wogula ndi zimene mavutowo amamutayitsa, m'malo mondandalika ubwino wa katundu. Kafukufukuyo anali makamaka wa malonda aakulu a pakati pa makampani kumayiko a azungu, choncho sitingangomutengera yense ku Mitundu. Koma kwa banja la mlimi, kudzimangirira kulipira mwezi ndi mwezi kwa chaka kapena kuposa ndi chisankho chachikulu ndithu, ndipo munthu sachipanga chifukwa wamva kuti batire ndi lokhalitsa.

Funso lachiwiri lija limafuna luso. Mtsikana wa zaka 23 kufunsa bambo wachikulire amene sakumudziwa kuti, "Mumawononga ndalama zingati?" zimamveka zamwano, ndipo iye mwini akudziwa zimenezo, n'chifukwa chake amalizemba. Woyang'anira asangomulamula kuti afunse, amuthandize kupeza kafunsidwe kaulemu. "Mabatirewo masiku ano akugulidwa bwanji kumeneko, bambo?" ndi funso la mtengo wa pamsika, osati la m'thumba mwa munthu, ndipo anthu amakonda kudandaula za mitengo. Kuchokera pamenepo, "Amatha masiku angati?" ndi "Nanga foni mumatchajitsa kuti?" zimabwera zokha.

Zimene zimachitika masabata otsatira

Lachisanu loyamba, mafunso akumveka m'mafoni asanu ndi atatu mwa khumi. Cholinga chakwaniritsidwa, ndipo anene zimenezo momveka asananene china chilichonse. Koma tepi ikuonetsanso chinthu chimene chimachitika pafupifupi kwa aliyense: akufunsa ngati wolemba kalembera. Bambo akuti, "Timagwiritsa tochi, koma mabatire ake a masiku ano satha sabata," iye akuti, "Chabwino," n'kuyamba ndakatulo yake ija ya mababu atatu ngati sanamve kanthu. Ndiponso sabata imeneyi wagulitsa awiri okha. Apa ndi pamene oyang'anira ambiri amataya mtima n'kubwerera ku "limbikirani." Komatu munthu amene akusintha kalankhulidwe amayamba wadodoma kaye, chifukwa akuganizira mawu amene kale ankangotuluka okha.

Cholinga cha sabata yachiwiri chimamangidwa pa choyamba: potchula mtengo, ayambe ndi kubwereza nambala imene kasitomala wanena yekha. Ngati bambo anena kuti mabatire, makandulo ndi kutchajitsa mafoni awiri zimawadyera pafupifupi K3,500 pa sabata, iye anene kuti, "Ndiye kuti pamwezi ndi K14,000, eti bambo? Solayi mukapereka dipoziti ya K30,000, pamwezi ndi K12,000." Mtengo womwewo, koma tsopano waima pafupi ndi ndalama imene ikutuluka kale m'nyumbamo. Pali chenjezo limodzi: nambalayo ikhale ya kasitomala. Wogulitsa akayamba kumuikira mawu m'kamwa, "Ndiye kuti mumawononga K5,000, si choncho?", woyang'anira azimve pa tepi n'kuziletsa msanga. Ndipo ngati masamu akuonetsa kuti banjalo limawononga K4,000 yokha pamwezi, wogulitsa asanamizire kuti sola iwapulumutsira ndalama. Akhoza kunena za kuwala kokwanira ndi za utsi, koma osati bodza la masamu.

Sabata yachitatu cholinga chake ndi chachifupi kuposa zonse, koma ndi chovuta: akatchula mtengo, akhale chete mpaka kasitomala alankhule. Pa tepi zimawerengeka mosavuta, mumangomvetsera kuti woyamba kulankhula pambuyo pa mtengo ndi ndani. Masekondi anayi a chete pa foni amaoneka aatali kwambiri kwa wogulitsa wamantha, pamene kasitomala akungowerengera m'mutu. Mawu aja akuti "ndikudziwa kuti zinthu zadula" ankamupatsa kasitomala chifukwa chokanira chimene iye anali asanachiganize.

Sabata yachinayi ndiye ya "ndiganize kaye." Mawu amenewa, pamodzi ndi "ndiwafunse kaye bambo akunyumba" kapena "tionana mwezi ukatha," amatanthauza zinthu ziwiri zosiyana. Nthawi zina ndi kukana kwaulemu, poti anthu athu sakonda kunena "ayi" wouma kwa munthu amene wawapatsa ulemu. Nthawi zina ndi zoona: ndalama za pakhomo sizituluka munthu mmodzi atangoganiza yekha. Wogulitsa sangasiyanitse ziwirizi popanda kufunsa, ndipo kukakamiza si yankho. Cholinga chikhale chakuti foni yotere isathe popanda tsiku ndi nthawi: "N'zomveka mayi, kambiranani. Ndikuimbireni Lachinayi madzulo bambo atabwera, kapena Loweruka m'mawa?" Wofunadi amasankha tsiku. Wokana amazemba kachiwiri, ndipo pamenepo wogulitsa athokoze n'kumusiya, osawononga mafoni ena atatu pa munthu amene anakana kale. Kenako pali kuimbadi Lachinayi madzulo, zimene kompyuta imaonetsa popanda kumvetsera.

Pa masabata onsewa, zolinga zakale sizitayidwa. Lachisanu lililonse woyang'anira amaonanso ngati mafunso awiri aja akadalipo, chifukwa chizolowezi chakale chimabwerera mwakachetechete maganizo akapita pa chatsopano. Cholinga chikalephereka, chibwerezedwe sabata yotsatira m'malo mowonjezera china. Chikalephereka kawiri, mwina n'chachikulu kwambiri ndipo chigawidwe, mwina wogulitsayo sakuchikhulupirira ndipo sananene.

Kudziwa ngati zikuthekadi

Manambala a sabata imodzi amanamiza. Munthu amene amagulitsa atatu pa anthu 120 akhoza kugulitsa asanu sabata ina popanda kusintha kalikonse, n'kugulitsa mmodzi sabata yotsatira. Kuti muone kusintha kwenikweni, phatikizani masabata anayi n'kuwayerekeza ndi anayi am'mbuyo, ndipo muyerekezenso ndi mmene gulu lonse layendera pa nthawi yomweyo. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zapepuka ndipo ndalama zapita ku feteleza ndi fizi, malonda otere amatsika kwa aliyense. Anthu akayamba kugulitsa fodya ndi mbewu zina kuyambira mu Epulo, amakwera kwa aliyense. Woyang'anira amene wayamba kuphunzitsa munthu mu Malichi akhoza kudzitama mu Meyi ndi ntchito imene yagwiridwa ndi nyengo. Chizindikiro chodalirika chimene chimabwera msanga ndi chapakati: mapangano a tsiku ndi nthawi akuchuluka kodi, ndipo anthu akuyankha akaimbiridwanso?

Cholinga chilichonse chowerengeka chimatha kuberedwa. Mukati mafoni akhale aatali, munthu amacheza za mvula. Mukati mapangano khumi pa sabata, amalemba pangano ndi aliyense amene wanena "chabwino" pofuna kuti foni ithe. N'chifukwa chake kuwerenga kuyenera kuyendera limodzi ndi kumvetsera, ndipo zolinga za sabata zisamangiriridwe ku komishoni kapena ku chilango. Mu 2016 banki ya Wells Fargo ku America inalipitsidwa chindapusa cha madola 185 miliyoni zitadziwika kuti antchito ake, pofuna kukwanitsa matageti, ankatsegulira makasitomala maakaunti eni ake osadziwa. Pa malonda a sola kapena ngongole, kubera kotere kumaoneka mochedwa: wogulitsa wabisa kuti munthu akasiya kulipira magetsi amazima, dipoziti yalowa, dzina lakwera papepala, ndipo pakatha miyezi itatu kasitomala wasiya kulipira ali wokwiya. Choncho pa mafoni amene athera pa kugulitsa, woyang'anira azimvetseranso ngati mtengo wonse, kutalika kwa nthawi yolipira ndi zotsatira za kulephera kulipira zanenedwa momveka.

Mawu ojambulidwawo ali ndi eni ake awiri. Kasitomala ayenera kuuzidwa poyambirira kuti foni ikujambulidwa ndi chifukwa chake, ndipo wogulitsa ayenera kudziwa kuyambira tsiku lolembedwa ntchito. Dziko la Malawi lili ndi lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza anthu, limene bungwe la MACRA linapatsidwa udindo woliyang'anira, ndipo tepi imene muli dzina la munthu, mudzi wake ndi za ndalama zake ndi uthenga wotero. Kuitumiza pa gulu la WhatsApp la antchito kuti anthu aseke kapena "aphunzire" n'kusewera ndi moto. Kampani yaing'ono imene ilibe makina ojambulira ikhoza kugwiritsa ntchito foni ya kampani, osati ya mwini, kapena woyang'anira akhoza kungokhala pambali n'kumalemba zomwe zija zowerengeka; kungoti wogulitsa akadziwa kuti bwana ali pambali amalankhula mosiyana ndi masiku onse.

Pomaliza pali funso limene oyang'anira amafunsa asanayambe n'komwe: mpaka liti? Masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu amakwanira kuona kumene zinthu zikulowera. Ngati kachitidwe kasintha pa tepi ndipo manambala a mwezi ayamba kusuntha, kukumana kuchepetsedwe kukhala kamodzi pa masabata awiri. Ngati kachitidwe kasintha koma malonda ali pomwepo, ndiye kuti woyang'anira anasankha malo olakwika, kapena vuto lili pa mndandanda wa manambala kapena pa mtengo, ndipo abwerere kukamvetsera mafoni ena. Ngati patatha masabata onsewo mafunso awiri aja sakumvekabe, nkhani yasanduka ina: mwina ntchito ya pa foni si yake, ndipo pali anthu amene amakanika kugulitsa koma amachita bwino kwambiri polandira madandaulo a makasitomala kapena pokumbutsa olipira. Zikafika poti achotsedwe, lamulo la ntchito la 2000 limafuna chifukwa chomveka chokhudza kuthekera kapena khalidwe la wantchito, komanso kuti apatsidwe mpata wodziyankhira. Mapepala a Lachisanu lililonse aja, olembedwa cholinga, zimene zinamveka pa tepi ndi thandizo limene linaperekedwa, ndi amene mbali zonse ziwiri zidzatsegule nkhaniyo ikafika ku ofesi ya zantchito kapena ku khoti la milandu ya apantchito, choncho alembedwe tsiku lomwelo ndipo wogulitsa azilandira kope lake.